Filimu imodzi, mathiraki khumi: musunge ati, mutaye ati?

Fayilo ya filimu yochokera pa disiki ya Blu-ray ikhoza kulemera 25 GB kapena kupitirira apo. Kuti ikwane mu fulashi, kapena kuti foni isatsamwe nayo, munthu amaichepetsa. Amatsegula pulogalamu, kusankha kukula kwa chithunzi, n'kusiya kompyuta ikugwira ntchito mpaka kucha. M'mawa fayilo yatuluka yopepuka, chithunzi chili bwinobwino. Mavuto amaoneka madzulo, anthu atakhala kale pamipando. Mwina ochita sewero onse akuyankhula Chifalansa. Mwina milomo ikugwedezeka koma TV ili zii. Mwinanso filimu ikuyenda m'Chingerezi monga mwa masiku onse, kenaka anthu awiri ayamba kukambirana m'Chijeremani kwa mphindi khumi, pansi pa chithunzi popanda chilembo ngakhale chimodzi.

Zonsezi zimachokera malo amodzi. Fayilo yoyambayo inali ndi mawu angapo komanso masabutaito angapo, ndipo wosinthayo anasiyira pulogalamu kuti imusankhire. Pulogalamu imasankha ndithu, koma siidziwa amene adzaonere filimuyo, siidziwanso TV imene adzaonerapo. Chimene yasiya sichibwereranso pokhapokha mutayambiranso pa fayilo yoyamba ija, ngati simunaifufute.

Tinene pano kuti nkhani ino ndi ya mafayilo amene muli nawo mwachilolezo, monga disiki yogula nokha kapena filimu yojambula nokha. Za kukopera ntchito za eni n'kumagulitsa, malamulo a umwini ndi bungwe la COSOMA ali nazo mawu awo.

Zimene zili m'kati mwa fayilo

Fayilo yothera ndi `.mkv` kapena `.mp4` ili ngati dengu. M'katimo muli katundu wosiyanasiyana woikidwa payekhapayekha: chithunzi pachokha, mawu a chinenero chilichonse paokha, masabutaito paokha. Chilichonse mwa zimenezi chimatchedwa thiraki. Mtundu wa MKV, umene dzina lake lonse ndi Matroska, unayamba mu 2002, ndipo umalandira pafupifupi thiraki ya mtundu uliwonse. MP4 imasewera pa zipangizo zambiri kuposa MKV, koma imasankha zolowamo, ndipo tiona kutsogoloku pamene imakanira.

Ntchito yoyamba ndi kuona zimene zilimo musanakhudze kanthu. Mapulogalamu a MediaInfo ndi MKVToolNix amaonetsa mndandanda wonse pa sikirini, ndipo onse ndi aulere. Amene ali ndi FFmpeg akhoza kulemba lamulo ili:

```
ffprobe -hide_banner filimu.mkv
```

Tiyerekeze kuti filimu yathu ndi ya maola awiri, yojambulidwa m'Chingerezi koma ili ndi zigawo zina zoyankhulidwa m'Chijeremani. Titachotsa zina zosafunika pano, yankho likhoza kuoneka chonchi:

```
#0:0       Video: h264
#0:1(eng)  Audio: dts (DTS-HD MA), 5.1 (default)
#0:2(eng)  Audio: ac3, stereo, 192 kb/s
#0:3(eng)  Audio: ac3, stereo, 192 kb/s
#0:4(fre)  Audio: ac3, 5.1, 640 kb/s
#0:5(por)  Audio: ac3, 5.1, 640 kb/s
#0:6(eng)  Subtitle: hdmv_pgs_subtitle
#0:7(eng)  Subtitle: hdmv_pgs_subtitle
#0:8(eng)  Subtitle: hdmv_pgs_subtitle
#0:9(fre)  Subtitle: hdmv_pgs_subtitle
#0:10(por) Subtitle: hdmv_pgs_subtitle
```

Mathiraki a mawu alipo asanu, a masabutaito asanu. Zilembo zitatu za m'mabulaketizo ndi chizindikiro cha chinenero: `eng` ndi Chingerezi, `fre` Chifalansa, `por` Chipwitikizi. Mukaona `und`, ndiye kuti wopanga fayiloyo sanalembe chinenero. Tsono taonani pamene pagona vuto. Pa mathiraki khumiwo, asanu ndi limodzi onse alembedwa `eng`, ndipo mndandandawu sukunena kusiyana kwake.

Kulemera kuli ku mawu

Anthu ambiri akafuna kuchepetsa fayilo amayamba kutaya masabutaito, chifukwa ndi amene amaoneka ochuluka pa mndandanda. Kuteroko n'kutaya nthawi. Pali masamu apafupi amene amaonetsa kumene malo akuthera. Pa filimu ya maola awiri, tengani nambala ya `kb/s` ya thiraki, muichulukitse ndi 0.9, mupeza kulemera kwake mu MB. Thiraki ya Chifalansa ija ya 640 ikulemera 576 MB, ya Chipwitikizi chimodzimodzi. Ziwiri za 192 zija zikulemera pafupifupi 173 MB iliyonse. Ya DTS-HD MA ilibe nambala yokhazikika chifukwa imakwera ndi kutsika malinga ndi phokoso la m'filimu, koma pa maola awiri si zachilendo kuipeza itapitirira 3 GB. Mukaphatikiza, mawu okha m'fayilo imeneyi atenga pafupifupi 4.5 GB.

Nambala imeneyi ili ndi tanthauzo kwa aliyense woonera pa fulashi. Mafulashi ambiri amabwera atakonzedwa mu FAT32, ndipo FAT32 siilandira fayilo imodzi yofika 4 GB. Mukhoza kufinya chithunzi mpaka kuchiwononga, koma ngati mwasunga mawu onse asanu monga alili, fayiloyo ikanabe kulowa.

Masabutaito ndi nkhani ina. Olembedwa ngati zilembo wamba, a mtundu wa SRT, kawirikawiri salemera ndi theka la MB lomwe pa filimu yonse. A pa Blu-ray, otchedwa PGS, ndi tizithunzi ta mawu, choncho amalemerako, koma amathera m'ma MB makumi ochepa. Thiraki imodzi ya mawu a 5.1 imadya malo amene akanakwana masabutaito a zinenero zambirimbiri. Choncho pochepetsa fayilo, umani mtima pa mawu, koma pa masabutaito musaumire.

Mathiraki atatu a Chingerezi, filimu ili pa imodzi

Tibwerere ku `0:1`, `0:2` ndi `0:3`. Munthu woti adzaonera pa TV ya masipika awiri akhoza kuganiza kuti thiraki yolembedwa `stereo` ndiye yomuyenera, n'kusankha `0:2`. Nthawi zina amalondola, chifukwa madisiki ena amakhaladi ndi mawu a filimu okonzedwera masipika awiri. Koma kawirikawiri thiraki yopepuka yotere ya Chingerezi imakhala ya ndemanga. Wotsogolera filimu kapena ochita sewero amakhala akucheza za mmene anajambulira, mawu a filimu yeniyeni akumveka chapansipansi. Ina ikhoza kukhala yofotokozera anthu osaona, pamene munthu amanena zimene zikuchitika pa chithunzi ochita sewero akakhala chete: wanyamuka, watsegula chitseko, wayang'ana pa zenera.

Njira yodziwira ndi khutu lanu basi. Tsegulani fayilo yoyambayo mu VLC, mulumphe mpaka pakati pa filimu pamene anthu akuyankhulana, kenaka muzidina batani la `b`. Kudina kulikonse kumakusamutsirani ku thiraki ina ya mawu, ndipo batani la `v` limachita zomwezo ndi masabutaito. Musayesere poyambirira penipeni, pamene pakulira nyimbo ndi kuonetsa mayina a makampani, chifukwa pamenepo mathiraki ambiri amamveka mofanana. Mverani iliyonse kwa mphindi imodzi, mulembe pa pepala nambala yake ndi chimene mwamva. Ntchito ya mphindi zisanu imeneyi ndi imene anthu amaijomba, kenaka n'kutaya usiku wathunthu.

Tinene kuti tapeza kuti `0:2` ndi ndemanga ndipo `0:3` ndi yofotokozera osaona. Ya ndemanga ndi ya okonda kudziwa kapangidwe ka mafilimu, ndipo ngati simuli m'gulu limenelo isiyeni. Yofotokozera osaona musaitaye musanaganize. Ngati pakhomo pali gogo amene maso anayamba kuvuta koma Chingerezi amamva, thiraki imeneyi ndi imene ingawathandize kutsatira nkhani popanda kufunsafunsa adzukulu.

Pa zinenero zinazo, ine ndimati mawu amene filimu inajambulidwira asungidwe nthawi zonse, ngakhale musakumva chinenerocho. Filimu ya Parasite ya mu 2019 ndi ya m'Chikoreya, ndipo mmene ochita sewero akukwezera kapena kutsitsa mawu ndi gawo la seweroli. Mawu omasuliridwa amachita kujambulidwa pambuyo pake ndi anthu ena mu situdiyo. Ali ndi ntchito yake, makamaka kwa ana ndi kwa amene amavutika kuwerenga mofulumira, koma ndi owonjezera chabe. Chinenero chachiwiri muchisunge pokhapokha mukutha kutchula munthu amene adzachimvera. M'chitsanzo chathu, ngati palibe womva Chifalansa, `0:4` ipite. Koma banja limene lili ndi abale a ku Angónia kapena ku Tete, amene anaphunzira sukulu m'Chipwitikizi, likhoza kufuna `0:5`. Ngakhale pamenepo mverani kaye, chifukwa chizindikiro cha `por` sichisiyanitsa Chipwitikizi cha ku Brazil ndi cha ku Portugal, ndipo ziwirizi zimamveka mosiyana kwambiri.

TV yanu imamva chiyani?

Kusankha thiraki yolondola sikukwanira ngati chipangizo chanu sichitha kuiwerenga. Ma TV ambiri, kuphatikizapo ena a makampani akuluakulu, sasewera mawu a DTS kuchokera pa fulashi. Chizindikiro chake n'chodziwika: chithunzi chikuyenda, mawu kulibe, ndipo nthawi zina pa sikirini pamabwera uthenga woti mtundu wa mawuwo sukudziwika. Fayilo yomweyo pa laputopu imamveka bwinobwino, chifukwa VLC imawerenga pafupifupi chilichonse. N'chifukwa chake kuyesera pa kompyuta pokha kumapusitsa.

Mtundu umene sukanidwa pafupifupi paliponse ndi AAC ya masipika awiri. Pa 160 kb/s imalemera 144 MB pa maola awiri, ndipo pa TV wamba kapena pa mahedifoni anthu ambiri sangamve kusiyana ndi thiraki ya 3 GB ija. Ngati muli ndi masipika ozungulira chipinda, onjezerani thiraki yachiwiri ya AC-3 ya 5.1, koma ya AAC ikhale yoyamba pa mndandanda. Zipangizo zina zotsika mtengo zimangosewera thiraki yoyamba, osapereka mwayi wosintha.

Kusandutsa 5.1 kukhala masipika awiri kuli ndi vuto lake. Mu 5.1, zoyankhula zambiri zimadutsa pa njira imodzi yapakati, pamene nyimbo, mfuti ndi magalimoto zamwazikana pa njira zinazo. Zonse zikaunjikidwa pa masipika awiri, zoyankhula zimatha kumira. Mumakweza voliyumu kuti mumve zimene akunena, kenaka bomba likaphulika mumathamangira rimoti, mwana wadzuka kale. Mu HandBrake, pulogalamu yochepetsera mafayilo a filimu, muli `Gain` yokwezera mawu onse, ndi `DRC` yochepetsa mtunda pakati pa phokoso lalikulu ndi laling'ono, koma `DRC` imagwira pa mawu ochokera ku AC-3, osati ku DTS. Ndiye ngati disiki ili ndi thiraki yeniyeni ya filimu ya masipika awiri, imene mwaimvera n'kutsimikiza kuti si ndemanga, nthawi zambiri ndi bwino kutenga imeneyo kusiyana ndi kusakaniza nokha.

Masabutaito a apo ndi apo

Apa ndi pamene anthu ambiri amagwa, ngakhale odziwa makompyuta.

Masabutaito atatu a Chingerezi aja ali ndi ntchito zosiyana. Oyamba amalemba zonse zoyankhulidwa, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Achiwiri, amene pa madisiki amalembedwa `SDH`, ndi a anthu ovutika kumva: amawonjezera dzina la woyankhula ndi phokoso lofunika, monga kulira kwa foni kapena kugogoda pa chitseko. Achitatu amatchedwa `Forced`, ndipo amatuluka apo ndi apo basi, pamene wina wayankhula chinenero chosiyana ndi cha filimu yonse, kapena pamene pa chithunzi paoneka kalata kapena chikwangwani chofunika kumasulira. Pa disiki amadzitulukira okha ngakhale munthu atazimitsa masabutaito, ndiye woonera amangoganiza kuti ndi gawo la chithunzi. Pa madisiki ena amakhaladi omatidwa pa chithunzi, koma pa ena ndi thiraki yapayokha, ndipo thiraki ikhoza kutsala posintha fayilo.

Filimu ya Quentin Tarantino ya Inglourious Basterds, ya mu 2009, ikuonetsa bwino kukula kwa nkhaniyi. Imawerengedwa ngati ya Chingerezi, koma chigawo choyamba, cha pa famu ku France, chimayamba m'Chifalansa, ndipo chigawo chachitali cha m'bala ya pansi pa nyumba chili kwambiri m'Chijeremani. Muli ndi Chitaliyana chomwe. Wotaya masabutaito a apo ndi apo pa filimu yotere amatsala ndi nkhani yoduka mutu. Ife tili ndi chitsanzo chapafupi pa The Boy Who Harnessed the Wind ya mu 2019, imene Chiwetel Ejiofor anatsogolera, yonena za William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu. Filimuyi imasakaniza Chingerezi ndi Chichewa. Ife zigawo za Chichewazo timazimva tokha, ngakhale katchulidwe ka ena mwa ochita sewerowo kanatisekesa, koma mnzathu wa ku Kenya kapena mwana wobadwira ku Britain amene Chichewa sachidziwa amadalira zolembedwa pansi zija.

Nanga pa `0:6`, `0:7` ndi `0:8`, mungadziwe bwanji amene ali a apo ndi apo? Fayilo yokonzedwa mosamala imakhala ndi chizindikiro cha `forced` pa thirakiyo, koma zambiri zilibe, monga yathuyi. Poterepa werengani kuchuluka kwa mizere. Pa mafayilo ambiri a MKV, MediaInfo imaonetsa nambala pa `Count of elements`, ndipo `ffprobe` imaonetsa yomweyo pa `NUMBER_OF_FRAMES`. Nambala yeniyeniyo isakuvuteni, chofunika ndi kuyerekeza. Mukapeza kuti `0:6` ili ndi 2,900, `0:7` ili ndi 3,400, koma `0:8` ili ndi 180 yokha, nkhani yatha. Yochuluka kwambiriyo ndi ya ovutika kumva chifukwa cha zowonjezera zija, yapakatiyo ndi yathunthu, yochepetsetsayo ndi ya apo ndi apo. Tsimikizani mu VLC pa chigawo cha Chijeremani chija. Mukapeza thiraki ina ya Chingerezi yodzaza bwino koma zolembedwa zake sizikugwirizana ndi zimene anthu akuyankhula, imeneyo ndi ya ndemanga zija.

Madisiki ena sapatula masabutaito a apo ndi apo. Amawaika m'kati mwa thiraki yathunthu, mzere uliwonse wofunikawo uli ndi chizindikiro chake. Mu HandBrake, kabokosi ka `Forced Only` kamatola mizere yotereyi yokha. Pulogalamuyi ilinso ndi njira yofufuzira yokha, yolembedwa `Foreign Audio Scan` kapena `Foreign Audio Search` malinga ndi kompyuta yanu. Imayamba yayendera filimu yonse kufunafuna masabutaito amene amaoneka pa gawo limodzi mwa magawo khumi kapena kucheperapo, kapena amene ali ndi chizindikiro chija. Imathandiza pa mafilimu ambiri. Koma taganizirani filimu ngati ya Tarantino ija, imene zinenero zachilendo zatenga gawo lalikulu. Ngati chizindikiro palibe, masabutaito ake amachuluka kupitirira muyezo umenewo, ndipo pulogalamuyo ikhoza kuwadutsa osanena kanthu.

Mfundo ina imene imaiwalika ndi yoti masabutaito a apo ndi apo amayenda ndi mawu amene mwasankha. Mukasunga mawu a Chipwitikizi, woonera adzafuna kuti zigawo za Chijeremani ndi zikwangwani zimasuliridwe m'Chipwitikizi, osati m'Chingerezi. Ndiye `0:5` ikakhala, `0:10` ikhalenso. Musadabwe mukaona kuti mawu omasuliridwa ndi masabutaito a chinenero chomwecho akunena zosiyana pang'ono. Omasulira mawu amayesetsa kuti ziganizo zilingane ndi kugwedezeka kwa milomo, pamene olemba masabutaito amatsata zoyankhulidwa zoyambirira n'kuzifupikitsa kuti ziwerengeke msanga. Fayiloyo siinawonongeke.

Pamene MP4 imakanira

Masabutaito onse a m'fayilo yathu ndi PGS, tizithunzi tija. MKV imawanyamula popanda vuto. MP4 siwanyamula. Mukasankha MP4 mu HandBrake, njira imene yatsala ndi `Burn In`, kutanthauza kuwamata pa chithunzi mpaka kalekale. Thiraki imodzi yokha ndi imene ingamatidwe, ndipo ikamatidwa simungaizimitse, simungaikulitse, simungaisinthe chinenero. Mu FFmpeg, kuyesa kusandutsa PGS kukhala masabutaito a zilembo kumathera pa uthenga wokana, chifukwa pulogalamuyi siiwerenga zilembo za pa chithunzi.

Ngakhale mutasankha MKV, ma TV ambiri saonetsa PGS kuchokera pa fulashi. Ndiye pa filimu yoonera pa TV, ine ndimamata masabutaito a apo ndi apo okha, chifukwa amenewo woonera aliyense wa Chingerezi amawafuna ndipo sasokoneza. Athunthu sindimata, pokhapokha ngati filimu yonse ili m'chinenero chimene palibe akuchimva pakhomopo. Njira yabwino ya athunthuwo ndi kuwasandutsa SRT pogwiritsa ntchito pulogalamu ya Subtitle Edit, imene imawerenga tizithunzito n'kutulutsa zilembo. Imalakwitsa mwa apo ndi apo, makamaka posokoneza `l` ndi `I`, ndiye muyenera kupendanso. Fayilo ya SRT muipatse dzina lofanana ndendende ndi la filimu, monga `filimu.mp4` ndi `filimu.srt`, ndipo zikhale mu foda imodzi. Poisunga sankhani `UTF-8`, apo ayi zilembo ngati ã ndi ç za Chipwitikizi, kapena ŵ wathu wa Malaŵi, zikhoza kutuluka ngati zinyalala.

Pa banja la zinenero ziwiri lija pali chovuta chimodzi: masabutaito a Chingerezi omatidwa adzaonekanso kwa womvera Chipwitikizi. Ngati zimenezi zikusautsa, pangani mafayilo awiri, kapena muonere pa chipangizo chimene chimawerenga MKV mokwanira, musamate chilichonse.

Kugwira ntchitoyo

Tsopano tili ndi pepala lathu. Tikusunga chithunzi, mawu `0:1` ndi `0:5`, ndi masabutaito `0:6`, `0:7`, `0:8` ndi `0:10`. Tikutaya ndemanga, yofotokozera osaona, ndi Chifalansa chonse. Mu FFmpeg zimalembedwa motere:

```
ffmpeg -i filimu.mkv -map 0:0 -map 0:1 -map 0:5 \
  -map 0:6 -map 0:7 -map 0:8 -map 0:10 \
  -c copy -c:a aac -ac 2 -b:a 160k \
  -disposition:s:2 forced yatsopano.mkv
```

`-map` iliyonse ikutchula thiraki yolowa m'fayilo yatsopano, ndipo mathirakiwo adzandandalikana mmene mwawalembera. `-c copy` ikunena kuti zinthu zisamutsidwe popanda kusinthidwa, kupatula mawu amene tikuwasandutsa AAC ya masipika awiri. Mzere womaliza ukuika chizindikiro cha `forced` pa masabutaito a apo ndi apo. Chenjerani ndi nambala ya `s:2`. FFmpeg imayamba kuwerenga pa 0, ndipo apa ikuwerenga masabutaito a m'fayilo yatsopano, choncho `s:2` ndi achitatu, amene anali `0:8`. HandBrake imayamba kuwerenga pa 1, ndiponso imawerenga mawu paokha, masabutaito paokha. Wokopera manambala kuchokera ku pulogalamu ina kupita ku inzake akhoza kupezeka watenga thiraki yoyandikana nayo, imene m'fayilo yathu ndi ya ndemanga.

Lamulo limeneli latsitsa mawu kuchoka pa 4.5 GB kufika pa 288 MB, chithunzi osachikhudza, ndipo limatha mofulumira. Kuti chithunzi nacho chichepe, wonjezerani `-c:v libx264 -crf 22` pambuyo pa `-c copy`, ndipo apa ndi pamene kompyuta imatenga maola. Ngati cholinga ndi kungotaya mathiraki osafunika popanda kusintha chilichonse, MKVToolNix ndiye yosavuta: mumachotsa chizindikiro pa tibokosi ta mathiraki amene simukuwafuna, ndipo zotsalazo sizitsika ubwino ngakhale pang'ono.

Mukapanda kulemba `-map`, FFmpeg imatenga thiraki imodzi yokha ya mawu, kawirikawiri imene ili ndi njira zambiri za masipika, ndi masabutaito amodzi ngati apezeka oyenera. M'fayilo yathu zikanatikomera mwamwayi. Koma pa fayilo imene Chingerezi chili cha masipika awiri ndipo Chifalansa chili 5.1, mukhoza kutuluka ndi Chifalansa. Mu HandBrake, makonzedwe okhalamo kale monga `Fast 1080p30` amatenga thiraki yoyamba ya mawu, kaya ndi ya chinenero chanji. Mukhoza kuiuza zinenero zimene mumafuna pa `Selection Behavior`, zimene zimathandiza mukamasintha magawo ambiri a sewero limodzi. Komabe imatsata zizindikiro zokha, ndiye kwa iyo ndemanga yolembedwa `eng` ndi Chingerezi basi. Magawo a sewero limodzinso salonjeza kuti mathiraki ake andandalikana mofanana, choncho suzumirani pa `Audio` ndi `Subtitles` pa gawo lililonse musanaliike pa mzere.

Kwa opanga mafilimu athu

Tinazolowera mafilimu omasuliridwa m'Chichewa a m'mavidiyo sho, mmene womasulira amayankhula pamwamba pa filimu, mawu oyambirira akutsika ndi kukwera. Mafayilo otere nthawi zambiri amakhala ndi thiraki imodzi, zonse zitasakanizidwa kale, ndipo kusintha fayilo sikungakubwezereni mawu oyambirirawo. Amene akujambula mafilimu awoawo, kapena mabungwe opanga makanema ophunzitsa m'zinenero zingapo, angachite bwino kuika Chichewa, Chitumbuka, Chiyao ndi Chingerezi pa mathiraki osiyana m'fayilo imodzi, n'kulemba chizindikiro cholondola pa iliyonse. Cha Chichewa ndi `nya`, cha Chitumbuka ndi `tum`, cha Chiyao ndi `yao`. Musalembe `chi`, chifukwa chimenecho ndi cha Chitchaina, ndipo chipangizo chidzalengeza filimu yanu ngati ya ku China. Lembaninso dzina lomveka pa thiraki iliyonse, kuti wodzaitsegula m'tsogolo asachite kumvera imodziimodzi monga tachitira ife.

Musanapereke maola a kompyuta ku filimu yonse, yesani kachidutswa. Mu FFmpeg, kuika `-ss 00:40:00 -t 120` patsogolo pa `-i` kumadula mphindi ziwiri kuyambira pa mphindi ya 40, ndipo mu HandBrake mukhoza kusankha chaputala chimodzi pa `Range`. Sankhani malo amene pali chinenero chachilendo. Ikani kachidutswako mu fulashi yomweyo, mukasewere pa TV kapena foni imene mudzaonerapo, ndipo muyese zinthu zitatu: mawu akumveka kodi, rimoti ikutha kusintha chinenero kodi, nanga Chijeremani chikayamba zilembo zikutuluka? Fayilo yoyambayo musaifufute mpaka wina ataonera yatsopanoyo kufika kumapeto.